Kalata yotseguka kwa mabwana okonza mayeso a zachuma: konzani mafunso anu a mzere wa Phillips

Kwa akuluakulu a madipatimenti a zachuma, okonza silabasi, ndi inu nonse amene mumakhala pansi kulemba mafunso a mayeso ndi mayankho amene ife ochonga timatsatira,

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira muli bwino. Ine ndine mmodzi mwa aphunzitsi ang'onoang'ono amene timaphunzitsa timagulu ta ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri, kenako mayeso akatha mumatipatsa mulu wa mapepala kuti tichonge. Ndalemba poyera dala, chifukwa nkhaniyi takhala tikunong'onezana tokhatokha m'chipinda chochongera koma kwa inu sikufika, ndipo amene akupwetekedwa ndi ana amene awerenga bwino kuposa anzawo. Nkhani yake ndi mafunso anu a mzere wa Phillips. Mumafunsa ngati mzerewo ndi umodzi, chonsecho m'kalasi mumaphunzitsa iwiri: wa nthawi yochepa wotsetsereka uja, wosonyeza kuti ulova ukatsika mitengo imakwera msanga, ndi wa nthawi yaitali woima chilili, wosonyeza kuti kusinthanitsa koteroko sikukhalitsa. Mwana akafika pa mayeso amangoyerekeza kuti bwanayu lero akufuna uti, ndipo akaphonya malikisi apita.

Dandaulo langa loyamba ndi funso lija la zoona kapena bodza limene limabwerabwera: "Boma lingachepetse ulova likalolera kuti mitengo ikwere." Pa pepala la mayankho palembedwa "zoona", basi, opanda mawu ena. Ndachongapo pepala la mtsikana wina amene anakana kungosankha, analemba pambali kuti "zoona kwa kanthawi pamene anthu sanazindikire, bodza akazindikira", nkujambula timizere tiwiri pakona ya pepala, kenako nkuchonga bodza poti panafunika kusankha chimodzi. Malamulo anu anandikakamiza kumupatsa ziro. Mnzake amene anangoloweza kuti "kumodzi kukakwera kwina kumatsika" anatenga malikisi onse. Mabwana, ndani mwa awiriwa amene mungakonde kuti mawa adzakhale mlangizi wa nduna ya zachuma? Ndiye chodabwitsa nchoti funso lomwelo likatuluka m'pepala la chaka chachiwiri yankho limasanduka "bodza", mawu a funso osasintha ngakhale limodzi. Ana amafunsana kuti wakonza pepala ndi ndani m'malo mofunsana kuti chuma chimayenda bwanji.

Ndikudziwa kumene chisokonezochi chinachokera, ndipo simunachiyambitse inu. A. W. Phillips, wa ku New Zealand amene ankaphunzitsa ku London School of Economics, anasindikiza kafukufuku wake mu 1958 atasanthula manambala a ku Britain a kuyambira 1861 mpaka 1957. Chimene anayika pa girafu yake chinali ulova ndi kukwera kwa malipiro a antchito, osati mitengo ya katundu, ndipo pano pokha mafunso anu ena amalakwitsa kale pomanena kuti Phillips anayeza mitengo. Anali Paul Samuelson ndi Robert Solow mu 1960 amene anautembenuzira ku mitengo ndi ku America, nkuufotokoza ngati mndandanda umene boma lingasankhepo, ulova wochuluka mitengo itadekha, kapena ntchito zambiri mitengo ikuthamanga. Ndipo zaka za m'ma 1960 zinaoneka ngati zikuvomereza: ku America ulova unali pafupifupi 6.7 peresenti mu 1961 mitengo ikukwera ndi 1 peresenti yokha, pofika 1969 ulova unatsika kufika 3.5 mitengo ikukwera kupitirira 5 peresenti. Ukalumikiza timadontho ta zaka zimenezo mzere wotsetsereka umatuluka bwinobwino. Funso lanu lija linaima pamenepo, mu 1969, silinasunthenso.

Koma Edmund Phelps mu 1967 ndi Milton Friedman, polankhula kumapeto kwa chaka chomwecho mawu amene anasindikizidwa mu 1968, anachenjeza zinthu zisanavute kuti mzerewo sukhala malo amodzi, chifukwa wantchito sasamala za nambala yolembedwa pa pepala la malipiro, amasamala zimene ndalamazo zingagule. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa dandaulo langa lachiwiri ndi loti mafunso anu safunsa konse chifukwa chake mzere woyambawo umatsetsereka. Amangoti jambulani, lembani maina a mbali ziwiri, malikisi anayi. Mwana angathe kujambula osadziwa chimene chikuchitika pansi pake.

Chikuchitika ndi ichi. Tinene kuti wantchito amalandira 100, ndipo iye ndi abwana ake onse akuyembekeza kuti chaka chamawa mitengo ikwera ndi 2 peresenti, ndiye agwirizana kuti malipiro akhale 102, asainirana, zatsekeka kwa chaka chathunthu. Kenako banki yaikulu itsitsa chiwongola dzanja kapena boma limwaza ndalama, anthu ayamba kugula kwambiri, mitengo nkukwera ndi 3 peresenti m'malo mwa 2. Kampani ikugulitsa katundu wake pa 103 pamene wantchito ikumulipira 102, ndiye kwa iyo wantchito watchipa, malipiro ake enieni ali ngati 99, ndipo pakuti ogula achulukanso kampaniyo ilemba anthu ena. Ulova watsika, mitengo yakwera. Kusinthanitsa kuja ndi kumeneku, ndipo kwatheka chifukwa chimodzi chokha: mitengo yakwera kuposa mmene anthu amayembekezera pamene mapangano a malipiro anali atamangidwa kale. Sikuti kukwera kwa mitengo pakokha kumabereka ntchito ayi. Chaka chikatha wantchito uja abwerera pa tebulo atachenjera, anena kuti chaka chatha munandipusitsa, pano ndikufuna 3 peresenti kuphatikizapo imene ndinataya ija, ndipo akapatsidwa kutchipa kuja kwatha, anthu owonjezera aja kampani siikuwafunanso.

Zonsezi zimakwana mu fomula yaifupi imene ili m'mabuku amene inu nomwe munasankha:

```
π = πe − b(u − u*) + s
```

Apa π ndi kukwera kwa mitengo, πe ndi kukwera kumene anthu akuyembekezera, u ndi ulova umene ulipo, u* ndi ulova wachibadwa, ndiye kuti umene umatsalabe chuma chitakhazikika chifukwa anthu amasintha ntchito, amasakasaka, ena luso lawo silikugwirizana ndi ntchito zimene zilipo. Chilembo b chikunena kutsetsereka kwa mzere, s ndi zogwa mwadzidzidzi monga mafuta kudula. Ndikupemphani muone mmene funso labwino lingayendere ndi manambala ongoyerekeza, chifukwa ana akangolichita kamodzi ndi pensulo sasokonezanso mizere iwiriyi.

Tinene u* ndi 5 peresenti, b ndi 0.5, anthu akuyembekeza 2 peresenti, zadzidzidzi palibe, ndipo chaka chilichonse anthu amayembekeza kuti mitengo ikwera monga inakwerera chaka chatha. Ulova ukakhala pa 5, mitengo ikwera ndi 2, zonse zili phee. Tsopano boma lati tikufuna ulova pa 3. Chaka choyamba: 3 kuchotsa 5 ndi −2, kuchulukitsa ndi 0.5 nkutembenuza chizindikiro tipeza 1, ndiye mitengo ikwera ndi 2 kuphatikiza 1, yomwe ndi 3. Pamenepa tangoyenda pa mzere womwewo, kukwera kumanzere, ndipo nduna ingathe kuimirira nkunena kuti taonani, peresenti imodzi yokha ya mitengo yatigulira ntchito zambirimbiri. Yankho la pa pepala lanu limathera pomwepa. Koma chaka chachiwiri anthu akuyembekeza 3, ndiye kuti ulova ukhalebe pa 3 mitengo iyenera kukwera ndi 4. Chaka chachitatu 5, chachinayi 6. Ulova sunatsikenso ngakhale pang'ono kuchoka pa 3 paja, chimene chikusuntha ndi mzere wonse wa nthawi yochepa, chaka chilichonse ukukwera m'mwamba ndi sitepe imodzi. Choncho mtengo wosunga ulova pansi pa wachibadwa si mitengo yokwera chabe, ndi mitengo imene liwiro lake likuwonjezeka chaka ndi chaka.

Ndiye boma latopa, lasiya kukankha. Ulova ubwerera pa 5. Ana ambiri apa amalemba kuti mitengo ibwereranso pa 2, ndipo ndikuwamvetsa, pakuti palibe anawafunsapo funso limeneli. Koma ikani manambala: anthu akuyembekeza 6, kusiyana kwa u ndi u* ndi ziro, mitengo ikwera ndi 6 ndipo ikhala pomwepo. Tinayamba ndi ulova 5 mitengo 2, tathera pa ulova 5 mitengo 6. Ikani timadontho tiwiri timeneti pa girafu, kamodzi kali pamwamba pa kanzake ndendende, jambulani mzere wodutsa pa tonse tiwiri, ndipo mzere woima chilili uja watuluka wokha. Si mzere wina wochokera kumwamba woti ana aziloweza. Ndi malo onse amene zimene anthu akuyembekeza zafanana ndi zimene zikuchitika, π yafanana ndi πe, ndipo zikatero fomula ikukakamiza kuti u akhale u*, kaya mitengo ikukwera ndi 2, 6 kapena 15. Nthawi yaitali si zaka zisanu kapena khumi monga ndaona pa mayankho ena, ndi nthawi iliyonse imene anthu angatenge kuti asinthe zoyembekeza zawo ndi mapangano awo. Kumene mitengo yazolowera kuthamanga anthu amasintha msanga kwambiri, mwina miyezi yochepa chabe.

Ndipo gawo lomaliza la chitsanzochi ndi limene mafunso anu amalithawa kwambiri. Kuti tichoke pa 6 kubwerera pa 2 pafunika ulova wopitirira wachibadwa. Ukakhala pa 7 mitengo itsika ndi sitepe imodzi pachaka, 5, 4, 3, 2, zaka zinayi. Ukafuna zachangu, ulova pa 9, zaka ziwiri. Ntchito zija zinali ngongole, zaka zinayi za ulova wotsika zikubwezedwa ndi zaka zinayi za ulova wokwera, ndipo kawirikawiri obweza si amene anadyerera. Izi si za pa pepala pokha. Paul Volcker atayamba kutsogolera banki yaikulu ya ku America mu 1979, mitengo inakwera ndi pafupifupi 13.5 peresenti mu 1980, anakweza chiwongola dzanja mpaka cha m'ma 20 peresenti, pofika 1983 kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pafupi ndi 3 peresenti, koma panjira ulova unafika 10.8 peresenti kumapeto kwa 1982. Nkhani imeneyi ikuchitira umboni mizere yonse iwiri nthawi imodzi: wa nthawi yochepa ulipodi, nchifukwa chake kutsitsa mitengo kunawawa chonchi, ndipo wa nthawi yaitali ulipodi, nchifukwa chake ulova unadzatsikanso m'zaka zotsatira mitengo osabwerera kumene inali. Ndiye ndimadandaulanso ndi aphunzitsi ena amene amapita mbali inayo nkumauza ana kuti mzere wa Phillips unafa kalekale, ndi bodza lokhalokha. Munthu amene ntchito yamuthera mu 1982 simungamuuze kuti kusinthanitsa kulibe.

Dandaulo lachitatu, kuyenda pa mzere ndi kusuntha kwa mzere. Pali funso lina limene limati mafuta adula padziko lonse, onetsani pa mzere wa Phillips. Pa mayankho amene tinapatsidwa panali kamuvi kokwera pa mzere womwewo kupita kumanzere, kutanthauza kuti mafuta akadula ulova umatsika. Aaa mabwana, zimenezo zinachitika kuti? Mafuta atadula mu 1973, ku America mitengo inakwera ndi 11 peresenti mu 1974, ndipo mu 1975 ulova unali 8.5 peresenti mitengo ikukwerabe ndi pafupifupi 9. Zonse ziwiri m'mwamba limodzi. Mu fomula yathu ija ndi s amene wadzuka: s akhale 3, anthu akuyembekeza 2, ulova uli pa 5, mitengo ikwera ndi 5 popanda ntchito ngakhale imodzi yowonjezereka. Banki yaikulu ikalimbana nazo mpaka ulova kufika 7, mitengo ikwera ndi 4, ndiye poyerekeza ndi poyambira paja zonse ziwiri zaipa. Njira yodziwira ndi yosavuta ndipo ikanayenera kukhala pa pepala lililonse la mayankho: funsani kuti chasintha nchiyani. Ngati ndi kagulidwe ka anthu, ndalama za boma, chiwongola dzanja, tikuyenda pa mzere womwewo ndipo ziwirizi zisemphana. Ngati ndi zoyembekeza za anthu kapena mtengo wopangira katundu, mzere wonse wasuntha. Ndipo ngati ndi mmene anthu amapezera ntchito, luso lawo, malamulo olembera ndi kuchotsa anthu, wasuntha ndi woima chilili uja, kumanja kapena kumanzere. Titadandaula za kamuvi kaja tinauzidwa kuti mayankho anavomerezedwa kale ndi komiti, tingotsatira, ndipo ana amene anajambula mzere watsopano kumtunda anataya theka la malikisi.

Chachinayi ndinena mwachidule, poti sindikufuna muganize kuti ndikupembedza mzere woima chililiwo. Nawonso uli ndi zovuta zake ndipo mwana wozitchula asamalangidwe. Ulova wachibadwa palibe amauona ndi maso, umangoyerekezedwa, ndipo akatswiri amausinthasintha pambuyo pake. Olivier Blanchard ndi Lawrence Summers mu 1986, poyang'ana ulova wa ku Ulaya, ananena kuti anthu akakhalitsa pa ulova luso limatha ndipo olemba ntchito amawakayikira, ndiye ulova wa kanthawi umasanduka wokhazikika, kutanthauza kuti zochita za nthawi yochepa zingakankhe mzere wa nthawi yaitali. Robert Lucas mu 1976 anachenjeza kuti boma likasintha kachitidwe kake anthu nawonso amasintha mmene amayembekezera, ndiye b amene munamuyeza dzulo sangakhale yemweyo mawa. Mu 2019 ulova ku America unali pansi pa 4 peresenti koma mitengo ikungokwera cha m'ma 2 peresenti, mzere wa nthawi yochepa ukuoneka ngati wagona. Komanso m'mayiko amene anthu ambiri amadzilemba okha ntchito, opanda mgwirizano wa malipiro wa chaka ndi chaka, nkhani ija ya 102 ndi 103 imagwira anthu ochepa, nambala ya ulova siinena zambiri, ndipo mitengo imatsatira kwambiri kugwa kwa ndalama ya dziko ndi zokolola. Mwana akalemba ndime yotere mwanzeru, pa pepala lanu la mayankho palibe pomupatsira kanthu.

Pa zifukwa zimenezi ndikupempha izi, ndipo anzanga ochonga ndi ophunzira amene mukugwirizana nazo gawanani kalatayi ifike kumene ikuyenera kufika:

1. Funso lililonse la mzere wa Phillips linene poyera ngati likufunsa za nthawi yochepa kapena yaitali, kapena linene ngati zoyembekeza za anthu zasintha kapena ayi. Mawu asanu okha akwanira.

2. Funso la zoona kapena bodza lija lichotsedwe m'nkhokwe ya mafunso, kapena lipatsidwe mizere iwiri yoti mwana afotokozere, malikisi akhale pa kufotokozako.

3. Pepala lililonse likhale ndi funso limodzi la manambala lotsata zaka zingapo, monga ndachitira pamwambapa, mpaka pamene boma lasiya kukankha ndi pamene likufuna kutsitsa mitengo, osati kuthera pa chaka choyamba chokoma chija.

4. Mayankho a funso la mafuta akonzedwe, ndipo mapepala a ana amene anajambula kusuntha kwa mzere nkuchotseredwa malikisi achongedwenso. Ena mwa iwo anabwereza kosi chifukwa cha malikisi awiri kapena atatu, ndipo kubwereza kosi ndi ndalama za makolo awo.

5. Ochonga tipatsidwe mayankho mayeso asanalembedwe kuti tione zolakwika, komanso pakhale munthu wodziwika woti tikadandauleko amene ali ndi mphamvu yosintha, osati kumangotiuza kuti komiti inavomereza kale.

6. Aphunzitsi a chaka choyamba ndi a chaka chachiwiri akhale pamodzi agwirizane, kuti mwana asamaphunzire chinthu chaka chino nkuuzidwa chaka chamawa kuti aiwale. Mizere iwiriyi ingathe kuphunzitsidwa sabata imodzi, pa bolodi limodzi.

Tikupempha yankho lanu lolembedwa mapepala a mayeso akubwerawa asanapite kosindikiza, ndipo ngati mungafune zitsanzo za mafunso okonzedwa kale pamodzi ndi mayankho ake, ife ochonga tili nazo ndipo tingabwere nazo tsiku limene mungatiitane.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wochonga nawo mapepala a zachuma